Kunsi kwa Mbale Kuli Mbiri: Kuwerenga Zidindo za Mbale za ku Mangalande

Anthu ogula ndi kugulitsa ziwiya zakale ali ndi chizolowezi chimene chimadabwitsa mwini katundu. Mukawapatsa mbale yokongola ya maluwa, iwo sayamba n'kuyang'ana maluwawo. Amaitembenuza. Chimene akufuna chili kunsi, pakati pa kamkombero kamene mbale imakhalira pa tebulo, pomwe fakitale inasiya chidindo chake, nthawi zina dzina lonse, nthawi zina zilembo ziwiri zitatu ndi manambala ooneka ngati opanda mutu.

Mbale zosweka zakale zimene zili m'makabati a m'nyumba zina kuno kwathu, zija amazitulutsa pakabwera alendo olemekezeka, zambiri zinachokera ku Mangalande m'nthawi ya atsamunda ndi zaka zotsatira. Ndipo mwa mbale za ku Mangalandezo, zochuluka zinaumbidwa m'dera limodzi laling'ono la Staffordshire, m'matauni asanu ndi limodzi amene lero amapanga mzinda wa Stoke-on-Trent: Tunstall, Burslem, Hanley, Stoke, Fenton ndi Longton. Kumeneko kunali mafakitale mazanamazana, ena okhalitsa, ena ongokhala zaka zochepa n'kugwa kapena kugulidwa ndi anzawo. Kampani ikasintha eni, chidindo chinkasinthanso. Lamulo latsopano likabwera, mawu ena ankawonjezeredwa. N'chifukwa chake zidindo za kumeneko zimatha kuloza zaka bwino ndithu, malinga munthu akudziwa chimene chidindo chimanena ndi chimene sichinena.

Choyamba n'kuona mmene chidindocho chinaikidwira, chifukwa zimenezi zimasonyeza nthawi imene chinafika pa mbaleyo. Pali chidindo chodinda m'dongo lenilenilo lisanaume, ndipo chimenechi chimakhala cholowa mkati, chopanda mtundu, moti chala chimachimva kusiyana n'kuti diso lichione. Pali china chosindikiza ndi utoto mbale itawotchedwa koyamba, kenako n'kukutidwa ndi mankhwala aja amene akalowa m'ng'anjo amasungunuka n'kusanduka nsanjiko wonyezimira ngati galasi. Chidindo chotere chimakhala pansi pa galasilo, ndipo mukapititsa chala pamwamba pake pamakhala posalala. Pomaliza pali cholemba kapena kusindikiza pamwamba pa galasi, kawirikawiri chofiira, chagolide kapena chobiriwira, ndipo ichi chimatha kufufutika mbale ikatsukidwa zaka zambiri. Chodinda m'dongo ndicho chodalirika kwambiri, pakuti palibe angachiike mbale itapsa kale. Chapamwamba pa galasi aliyense angathe kuchiwonjezera nthawi ina iliyonse, kaya ndi wokongoletsa mbale wa kufakitale ina, kaya sitolo yogulitsa, kaya wachinyengo.

Kuti muwerenge chidindo chodinda m'dongo, musayatse nyali molunjika pamwamba pake. Tsukani mbaleyo ndi madzi ofunda ndi sopo, iumitseni, kenako walitsani tochi kuchokera cham'mbali kuti kuwala kudutse mokwawa pansipo. Timaenje ta zilembo timachita mthunzi ndipo timaoneka. Ena amaika kapepala kopyapyala pamwamba n'kusisita ndi pensulo mopepuka. Chimene simuyenera kuchita ndi kupala ndi mpeni kapena kukwecha ndi mchenga, poti mungachotse chidindo chapamwamba chimene chikanakuthandizani.

Tsopano dzina. Munthu angaganize kuti dzina likangowerengeka, nkhani ya fakitale yatha. Dzina la Wedgwood likusonyeza kuti si choncho. Josiah Wedgwood anayamba ntchito yake ku Burslem mu 1759, ndipo mu 1769 anatsegula fakitale yaikulu imene anaitcha Etruria. Katundu wake anatchuka kwambiri moti dzinalo palokha linasanduka chuma, ndipo ena anayesetsa kudyerapo. Fakitale yeniyeni ya banja la Josiah inkadinda dzina lakuti WEDGWOOD, opanda chilembo E pakati pa G ndi W, komanso opanda "& Co" kumapeto. Mukaona WEDGEWOOD, ya E wowonjezera, imeneyo si yawo. Kampani ya William Smith ya ku Stockton-on-Tees inkadinda dzina lotero mpaka a Wedgwood anaitengera kukhoti mu 1848. Mukaona WEDGWOOD & CO, makamaka pamodzi ndi mutu wa kavalo wa nyanga imodzi pamphumi, imeneyo ndi fakitale ina ya ku Tunstall, ya Enoch Wedgwood. Iyi sinali yakuba dzina, pakuti mwini wake analidi Wedgwood, koma inkapanga mbale za tsiku ndi tsiku zotsika mtengo, ndipo inali yosiyana ndi ya Josiah mpaka pamene a Wedgwood anaigula mu 1980. Ogulitsa ambiri amasokoneza ziwirizi, ena mosadziwa, ena modziwa bwinobwino.

Msampha wina wa dzina ndi wakuti mawu aakulu kwambiri pa chidindo nthawi zambiri si dzina la fakitale ayi, koma dzina la maluwa kapena chithunzi chimene chili pa mbaleyo. Dzina la woumba limabisala kunsi kwake, mwina zilembo zoyamba zokha, ndi chilembo chomaliza choimira tauni, monga B wa Burslem kapena L wa Longton. Zilembo zoterezi ndizo anthu amakazifufuza m'mabuku a zidindo. Lotchuka kwambiri ndi la Geoffrey Godden, limene linatuluka mu 1964 ndipo lili ndi zidindo zikwi zingapo za mafakitale a ku Britain.

Fakitale ikadziwika, funso lotsatira ndi la zaka, ndipo pano pali mfundo imodzi imene imalamulira zonse. Mawu aliwonse a pa chidindo amakuuzani kuti mbaleyo singakhale yakale kuposa chaka chakutichakuti. Kawirikawiri sakuuzani kuti inapangidwa chaka chomwecho. Choncho mumasonkhanitsa zizindikiro zonse zimene zilipo, ndipo chimene chili chaposachedwa kwambiri ndicho chimapambana.

Mawu othandiza kuposa onse ndi dzina la dziko. Mu 1890 dziko la Amereka linakhazikitsa lamulo la msonkho lodziwika ndi dzina la William McKinley, ndipo mwa zina linalamula kuti kuyambira mu 1891 katundu wolowa m'dzikolo azisonyeza dziko lochokera. Amereka unali msika waukulu wa mbale za ku Staffordshire, motero mafakitale anayamba kuwonjezera mawu akuti ENGLAND pa zidindo zawo. Chaka chimenechi n'chosavuta kuchikumbukira kwa ife, poti ndi chomwecho chimene Britain inalengeza kuti dziko lino lili pansi pa ulamuliro wake. Mbale yokhala ndi mawu akuti ENGLAND, kupatula zochepa za mafakitale amene anali atayamba kale kutero, ndi ya 1891 kapena pambuyo pake. Mawu athunthu akuti MADE IN ENGLAND anabwera mochedwerapo, ndipo amaloza zaka za m'ma 1900. A Wedgwood anayamba kuwagwiritsa ntchito kwambiri cha m'ma 1908, pomwe mafakitale ena ambiri anawatenga nkhondo yoyamba yapadziko lonse itatha.

Koma lamuloli siligwira ntchito mukalitembenuza. Kusowa kwa dzina la dziko si umboni wakuti mbale ndi yakale kuposa 1891. Katundu wogulitsidwa ku Britain komweko sankafunika mawuwo. Tinthu ting'onoting'ono, monga sosala kapena chivundikiro cha thipoti, nthawi zina sitinkadindidwa n'komwe, chidindo chikumakhala pa chiwiya chachikulu chokha. Ndiponso mbale zamakono zambiri zimabwera ndi kapepala komata kosonyeza dziko, kamene kamachoka pa kutsuka koyamba. Ogulitsa ena amakonda kunena kuti, "Onani, palibe dzina la dziko, ndiye kuti ndi ya m'nthawi ya Mfumukazi Victoria." Amenewo akungoyerekeza.

Palinso chaka chimene chimanyenga anthu ambiri, chija cholembedwa poyera pa chidindo. Mbale ikalembedwa kuti 1759 kapena 1790, pafupifupi nthawi zonse chimenecho ndi chaka chimene kampani inakhazikitsidwa. Ndi kudzitama kwa kampani, ndipo makampani anayamba kudzitama motere atakalamba kale. Zili ngati basi yolembedwa chaka chimene kampani yake inayamba: palibe amaganiza kuti basiyo inagulidwa chaka chimenecho. Ngati pa chidindo chomwecho pali mawu onena kuti mbaleyo ingatsukidwe m'makina otsukira mbale kapena kuikidwa mu maikulowevu, ndiye kuti nkhani ya ukale yatheratu, chifukwa mawu amenewo ndi a pambuyo pa nkhondo yachiwiri, ndipo a maikulowevu ndi a m'ma 1970 kubwera kuno.

Mafakitale ochepa anachita zoposa pamenepa, ankadinda chaka chenicheni mwa zilembo zobisika, ndipo a Wedgwood ndi chitsanzo chabwino. Kuyambira mu 1860, pa ziwiya zawo za dongo wamba, monga mbale zija za mtundu wa mkaka, ankadinda zilembo zitatu moyandikana, padera ndi dzina. Choyamba chinkaimira mwezi, chachiwiri chinali chizindikiro cha woumba, chachitatu chinkaimira chaka. Zilembo za chaka zinayambira pa O mu 1860, P mu 1861, n'kumapitirira mpaka Z mu 1871. Mu 1872 anayambiranso pa A mpaka kufika pa Z mu 1897, ndipo mu 1898 anayambanso ulendo wachitatu. Apa vuto likuoneka lokha: chilembo chimodzi chingaimire zaka ziwiri kapena zitatu zotalikirana ndi zaka 26.

Tiyerekeze kuti tili ndi mbale yaikulu yoperekera ndiwo, ya mtundu wa mkaka. Tochi itawala cham'mbali, tikuona WEDGWOOD wodindidwa m'dongo, wopanda E wowonjezera, wopanda "& Co". Chapambali pake pali ENGLAND, wodindidwanso payekha, wopendekeka pang'ono chifukwa anadindidwa ndi chitsulo china. Ndipo pali zilembo zitatu, LBW. Timayambira kumapeto. W pa ulendo woyamba ndi 1868, pa wachiwiri ndi 1894, pa wachitatu ndi 1920. Mawu akuti ENGLAND akuchotsa 1868, chifukwa nthawi imeneyo a Wedgwood anali asanayambe kudinda dzina la dziko. Zatsala ziwiri. Tsono mu 1907 fakitaleyi inasintha kachitidwe: m'malo mwa chilembo cha mwezi inayamba kuika nambala 3, kusonyeza kuti uwu ndi ulendo wachitatu wa zilembo, ndipo kuchokera mu 1924 inkaika 4. Mbale ya 1920 ikanalembedwa 3BW, ndipo ikanakhalanso ndi MADE IN ENGLAND. Yathuyi ili ndi zilembo zokhazokha. Chaka chake ndi 1894.

Chilembo choyamba, L, chikutsimikizira zomwezo. Zilembo za miyezi sizinali zonse zoyamba za dzina la mwezi, pakuti miyezi ina m'Chingelezi imayamba ndi chilembo chofanana. M'zaka zoyambirira, mpaka 1864, Julaye ankalembedwa V, ndipo pambuyo pake anakhala L. Choncho mbale yathu inaumbidwa mu Julaye 1894, ndi woumba amene chizindikiro chake chinali B. Dzina la munthuyo chidindo sichikutiuza. Chinthu chinanso chofunika kuchikumbukira n'chakuti tsikuli ndi la dongo, osati la maluwa. Mbale zoyera zinkatha kukhala m'nyumba yosungira katundu zaka zingapo zisanakongoletsedwe, moti nthawi zina chidindo cha utoto chimakhala chaching'ono msinkhu poyerekeza ndi cha m'dongo. Kuyambira mu 1930 a Wedgwood anasiya zobisabisazi n'kuyamba kudinda manambala awiri omaliza a chaka, ndipo fakitale itasamukira ku Barlaston mu 1940, dzina la malo atsopanowo linayamba kuoneka pa zidindo zosindikiza.

Chizindikiro china chimene chimasangalatsa anthu ofufuza, chifukwa chimatchula tsiku lenileni, si cha fakitale konse koma cha boma. Kuyambira mu 1842 mpaka 1883, kampani ikapanga kaumbidwe kapena maluwa atsopano inkatha kukalembetsa ku ofesi ya boma ku London kuti ena asaibere, ndipo pa ziwiya zadothi chitetezocho chinali cha zaka zitatu. Katundu wolembetsedwa ankalandira chizindikiro chooneka ngati dayamondi wa pa makhadi osewerera, chokhala ndi kabwalo pamwamba ndi zilembo Rd pakati. M'kabwalomo mumakhala nambala ya Chiroma yosonyeza gulu la katundu, ndipo ziwiya zadothi ndi IV. M'ngodya zinayi za dayamondiyo muli tsiku, mwezi, chaka ndi nambala ya mtolo wa mapepala amene kalata yolembetsera inasungidwamo.

Chinsinsi chowerengera ndi kuyang'ana ngodya yapamwamba, pansi penipeni pa kabwalo. Mukakhala chilembo, chizindikirocho ndi cha pakati pa 1842 ndi 1867, ndipo chilembocho ndicho chaka. Mukakhala nambala, ndi cha pakati pa 1868 ndi 1883, nambalayo ndi tsiku la mwezi, ndipo chaka chasamukira ku ngodya yakumanja, mwezi uli pansi. Zilembo za zaka sizitsata ndondomeko ya afabeti, n'zosakaniza dala: X ndi 1842, H ndi 1843, C ndi 1844, ndipo mu 1868 mndandanda womwewo unayambiranso pa X. Palibe amayenera kuuloweza pamtima, mumangouona m'buku. Tiyerekeze jagi yokhala ndi 12 pamwamba, S kumanja, H pansi ndi 5 kumanzere. Poti pamwamba pali nambala, tili m'gawo lachiwiri. S m'gawo limeneli ndi 1875, H monga mwezi ndi Epulo, choncho kaumbidwe ka jagiyo kanalembetsedwa pa 12 Epulo 1875, mu mtolo wachisanu. S yemweyo akanakhala pamwamba tikanati 1849. Wolakwitsa kuwerenga ngodya amataya zaka 26 m'kuphethira kwa diso.

Phindu lalikulu la dayamondi limaoneka pamene chiwiya chilibe dzina la woumba. Mabuku olembetsera aja adakalipo ku nyumba yosungira zolemba za boma la Britain ku Kew, ndipo munthu akadziwa tsiku ndi nambala ya mtolo angathe kupeza kampani imene inalembetsa. Komabe tsikulo ndi lolembetsa kaumbidwe, osati lopangira jagi imene muli nayo m'manja. Chikombole chikakhala ndi dayamondi wojambulidwa mkati mwake, fakitale inkapitiriza kuchigwiritsa ntchito malinga katundu akuyenda malonda, ngakhale zaka zitatu za chitetezo zitatha kalekale. Jagi yathu ndi ya Epulo 1875 kapena pambuyo pake, ndipo ngati pambali pa dayamondiyo pali ENGLAND, ndiye kuti inaumbidwa patapita zaka 16 kapena kuposerapo chilembetsereni. Mu 1884 dayamondi anasiyidwa, m'malo mwake kunabwera nambala yongotsatana yoyamba ndi Rd No, kuyambira pa 1, imene pofika kumayambiriro kwa 1900 inali itadutsa 350,000. Nayonso imawerengedwa chimodzimodzi, monga malire a kumbuyo.

Ine ndimaona kuti cholakwa chachikulu cha ongoyamba kumene si kusadziwa zilembo, koma kukhulupirira chidindo kuposa mbale. Chidindo ndi chinthu chosavuta kukopera. Malupanga awiri opingasa a fakitale ya Meissen ya ku Germany anakoperedwa ndi mafakitale ambirimbiri a ku Ulaya kwa zaka zoposa 200. Ku China, oumba ankalemba dzina la mfumu yakale pa ziwiya zatsopano, nthawi zina mongolemekeza luso la makolo, moti dzina la mfumu ya m'banja la Ming limapezeka pa mbale zopangidwa zaka mazana angapo mfumuyo itamwalira. Za ku Mangalande nazo sizinapulumuke. M'misika ya ziwiya zakale muli majagi ndi mabeseni ambiri a maluwa abuluu okhala ndi chidindo chachikulu cha mkango ndi kavalo wa nyanga imodzi atagwira chishango, pansi pake palembedwa Victoria Ware Ironstone. Dzinali likumveka lachikale, koma katunduyo ndi wamakono, wopangidwa ku Asia kuti aoneke wakale. Chidindo chake chimakhala chachikulu mopitirira, chosamveka bwino m'mphepete, ndipo sichitchula woumba aliyense kapena tauni.

Choncho mukamaliza kuwerenga, bwererani ku chiwiya chenichenicho n'kufunsa ngati chikugwirizana ndi zimene chidindo chanena. Yang'anani kamkombero kapansi. Mbale imene yakokedwa pa matebulo ndi m'mashelefu kwa zaka 100 imaperepeseka pamalo okhudza pansi okha, mosalala, pomwe yoikalambitsa dala imakhala ndi mikwingwirima ya sandipepala yoloza mbali imodzi, kapena litsiro lopaka lofanana paliponse. Pa mbale yodyera yakale pamakhala timizere ta mipeni tolowera uku ndi uku. Pa majagi achinyengo chogwirira nthawi zambiri chimakhala chamwazi mkati chifukwa chinathiridwa m'chikombole pamodzi ndi thupi lonse, ndipo mukasuzumira mkati mwa jagi mumaona kabowo pamene chogwiriracho chikulumikizana ndi thupi, pomwe pa jagi yakale ya ku Staffordshire chogwirira chinkapangidwa padera, cholimba, n'kumatidwa kunja. Timing'alu tosaoneka bwino ta pa galasi, tija tonga ukonde, anthu ambiri amatitenga ngati umboni wa ukale, koma fakitale ikhoza kutipanga dala m'ng'anjo tsiku limodzi, ndipo mbale zambiri zakale zilibe n'kamodzi komwe.

Ndiyeno pali vuto la masiku ano, limene silichokera kwa achinyengo koma kwa makampani enieniwo. Mayina akale a ku Staffordshire anagulidwa ndi kugulitsidwa, ndipo ntchito youmba inasamutsidwira kumayiko kumene ndi yotsika mtengo. Kampani ya Johnson Brothers, imene inayamba ku Hanley mu 1883 ndipo mbale zake zinafika m'nyumba zambiri za m'mayiko olamulidwa ndi Britain, inasiya kuumba ku Mangalande mu 2003 ntchitoyo n'kupita ku China, koma dzina ndi maluwa zinakhala zomwezo. Pa mbale zotere mungapeze mawu akuti England atakhala mbali ya dzina la kampani, pamodzi ndi chaka chimene inayamba, popanda mawu akuti MADE IN patsogolo pake. Pamenepo chidindo chikukuuzani kwawo kwa kampani, pomwe dziko limene munali ng'anjo linalembedwa pa bokosi kapena pa kapepala komata, ngati silinasindikizidwe ndi tizilembo ting'onoting'ono chapansi pa chidindocho.